Momwe mungawerengere Chichewa mokweza kuti funso limveke funso, osaphwanya kamvekedwe ka liwu

Pamsonkhano wa kalabu yathu ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, mlembi anaimirira ndi kalata m'manja. Ndi mnyamata wodziwa kuwerenga, sajejema. Atafika pa mzere wakuti "Mbewu mwalandira?" anauwerenga monga anawerengera mizere ina yonse, mawu akutsetsereka mpaka pansi. Nthawi yomweyo kumbuyo kunabuka manong'onong'o. Gogo wina anadzuka atagwira ndodo: "Talandira liti ife, mwana iwe?" Panapita kanthawi ndithu kuti anthu akhulupirire kuti kalatayo inkafunsa, sinkanena kuti mbewu inafika.

Mnyamata yemweyo akakhala pamsika n'kumafunsa mtengo wa usipa, salakwitsa ngakhale kamodzi. Chimamusokoneza ndi pepala. Kalembedwe kathu sikaonetsa pokwera ndi potsika mawu, ndiye munthu akamawerenga kutchalitchi, kumzikiti, m'kalasi, pa wailesi kapena pa sewero, amangoyenda m'chimbulimbuli. Ena amawerenga zonse mofanana ngati akuitana mayina. Ena, pofuna kukometsa, amakweza mawu paliponse mpaka liwu lisinthe tanthauzo.

Gwirani mfundo imodzi tisanayambe. M'Chichewa kukwera ndi kutsika kwa mawu kumagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi ya liwu lenilenilo: liwu lililonse lili ndi maphatikizo ake okwera ndi otsika, ndipo izi ndizitcha kamvekedwe ka liwu. Yachiwiri ndi ya chiganizo chonse, yosonyeza ngati mukunena, mukufunsa, simunamalize, kapena mwakwiya. Iyi ndiitcha chuni cha chiganizo. Chuni ndi chanu, muchisinthe momwe mukufunira. Kamvekedwe ka liwu si kanu.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni yotha kujambula mawu. Uthenga wamawu wa pa WhatsApp ndi wokwanira.
- Pepala la zomwe mukawerenge, lolembedwa modumphitsa mizere kuti pakhale malo ojambulapo timizere.
- Pensulo, osati bolopeni, chifukwa mufufuta kambiri.
- Mnzanu mmodzi wakumudzi kwanu komweko amene sanaone pepalalo.
- Malo opanda phokoso. Pafupi ndi chigayo kapena m'mbali mwa msewu wa M5 musayese n'komwe.
- Ngati muli ndi kompyuta, pulogalamu yaulere yoyezera mawu ya Praat. Popanda iyo ntchito itheka ndithu.

## Sitepe 1: Pezani kaye kamvekedwe ka liwu palokha

Tengani mawu awiri olembedwa mofanana: mtengo wa mango, ndi mtengo wa mpunga pamsika. Tchulani loyamba, kenako tsekani pakamwa mulitchule ndi mphuno chabe, ngati mukung'ung'udza nyimbo. Mumva kuti phatikizo la -te- lakwera, -ngo latsika. Chitani chimodzimodzi ndi mtengo wogulira katundu. Lonse likuyenda pansi, palibe pokwera.

Tsopano pitani pa pepala lanu. Liwu lililonse lomwe lingasokoneze, ikani kadontho pamwamba pa phatikizo lokwera. Musachite izi pa mawu onse, mutopa chabe. Yang'anani makamaka aneni, chifukwa kumeneko nthawi imabisala m'kamvekedwe. "Ndimathandiza" wa masiku onse amakwera pa ndi- ndi pa -ndi- wachiwiri uja. "Ndimathandiza" wonena kuti ndinali kuthandiza amayamba pansi n'kukwera pa -tha-.

Chenjezo: Timadontho timeneti sitisuntha mpaka kumapeto kwa ntchito yonse. Chilichonse chomwe muchite m'masitepe otsatirawa chikhale chokweza, chotsitsa kapena chotalikitsa zomwe zilipo kale.

## Sitepe 2: Dulani chiganizo m'magulu

Nenani liwu lakuti "Salima" palokha, pang'onopang'ono. Kenako nenani "Salima ndi kutali." Mvetserani phatikizo la -li- la mu Salima, ndi -ta- wa mu kutali. Paliponse pomwe gulu la mawu likuthera, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika: Saliima, kutaali. Pakati pa gulu silitalika. Munena kuti "ku Salima boma" mosakoka -li-, koma -bo- ndiye akokeka: booma.

Kutalika kumeneku ndiye mpanda wa Chichewa. Womvera amadziwira pomwepo kuti gulu latha, ngakhale simunapume. Choncho tengani pensulo mulembe kamzere koimirira pomwe gulu lililonse likuthera. Mpatuliro wa pa pepala ukuthandizani, koma musaudalire kwambiri, popeza olemba ambiri amauiwala.

Taonani chiganizo ichi: "Mukafika pa mlatho wa Chia, mugule chambo." Magulu ndi awiri. Loyamba silinathe nkhani, ndiye phatikizo lake lomaliza limakwera pang'ono, ngati munthu waimika dzanja kuti dikirani, ndikupitiriza. Lachiwiri limatsika. Chimodzimodzi mukatsogoza dzina lomwe mukufuna kukambapo: "Mbewu ija, alangizi abweretsa." Pa "ija" mawu amatsala m'mwamba. Jambulani kamuvi koloza kumwamba pa malo otere.

Apa pali kanthu ka kwathu kuno. Mawu ngati nyumba amakwera pa phatikizo lomaliza akakhala pakati pa gulu, monga mu "nyumba yanga." Akafika kumapeto kwa chiganizo, kukwerako kumabwerera m'mbuyo n'kukakhala pa phatikizo lotalika lija, ndipo mumamva nyuumba yoyamba pansi, yokwera, kenako yotsika. Uku si kuphwanya lamulo la timadontho lija. Pakamwa panu pamachita zokha, musalimbane napo.

Chenjezo: Kukwera kosonyeza kuti simunamalize ndi kwapang'ono. Mukakukweza kwambiri, "Mukafika pa mlatho wa Chia" imamveka ngati funso, ndipo womvera ayankha musanamalize.

## Sitepe 3: Chiganizo chonena chizitsika ngati masitepe

Iyi ndi yachidule chifukwa ambiri amaitha kale. M'chiganizo chonena, phatikizo lokwera loyamba ndilo limakhala pamwamba kwambiri. Lokwera lotsatira, makamaka pakati pakakhala lotsika, limakhala m'munsi pang'ono mwa loyambalo, lachitatu m'munsinso, mpaka kumapeto komwe mawu amagwera pansi penipeni. Jambulani kamzere kotsetsereka pamwamba pa chiganizo chotere.

Cholakwika chake n'chimodzi: kuyamba pansi kwambiri. Chiganizo chikatalika mumapezeka mulibenso kotsikira, mawu n'kuthera kukhosi, okhala kumbuyo osamva kanthu. Chiganizo chachitali muchiyambe m'mwambako.

## Sitepe 4: Funso lofuna "inde" kapena "ayi"

Apa ndi pomwe mlembi wathu anagwa, ndiye tikhalitsepo.

Tiyeserere pa liwu lakuti "mwalandira." Ndalisankha dala chifukwa lilibe phatikizo lokwera ngakhale limodzi. Kukwera kulikonse komwe mumve pa liwu limeneli ndi kwa chuni basi. Lijambuleni pa foni katatu motere.

Koyamba, monga mukuuza munthu: Mwalandira. Lonse pansi, -ndi- watalika, -ra wagwa.

Kachiwiri, monga mukufunsa mnzanu mongodutsa: Mwalandira? Maphatikizo atatu oyamba ali pansi, -ra yekha wakwera n'kutsala m'mwamba. Ili ndi funso lopepuka.

Kachitatu, monga mukufunadi yankho, mwina mwafunsa kale koma sanakuyankheni: Mwalandira? Mawu ayambe kukwera pa -ndi-, afike pamwamba poyambira -ra, kenako agwe pa -ra pomwepo, yemwe tsopano watalikako: mwalandiiraa. Kukwera n'kugwa pa maphatikizo awiri omalizawa ndiye chuni chenicheni cha funso la mtundu uwu m'Chichewa. Ndi chomwe amayi amagwiritsa ntchito akamafunsa mwana kuti "Wasamba?" Powerengera gulu la anthu, ine ndimalangiza chachitatuchi, chifukwa chimamveka patali. Kukwera kwa phatikizo limodzi lomaliza kumatayika m'mphepo mukakhala pabwalo.

Koma funso siliyambira kumapeto. Katswiri wa zilankhulo Scott Myers, m'kafukufuku wake wa mu 1996, anayeza mawu a olankhula Chichewa ndipo anapeza kuti m'mafunso mawu amayenda m'mwamba kuposa m'ziganizo zonena, komanso masitepe otsika aja amachepa kwambiri. Ndiye kuti womvera amayamba kununkhiza funso musanafike n'komwe pa liwu lomaliza. N'chifukwa chake wowerenga amene wazindikira mfunsiro mochedwa, atatsetsereka kale chiganizo chonse, ngakhale akweze phatikizo lomaliza zimamveka zachilendo, ngati galimoto yokhota itapitirira kale mphambano.

Mankhwala ake ndi osavuta. Pa pepala lanu, lembani mfunsiro wina koyambirira kwa funso lililonse, kuti diso liuone musanatsegule pakamwa. Mukauona, yambirani m'mwamba pang'ono ndipo musatsike mpaka pa maphatikizo awiri omaliza.

Nanga liwu lomaliza likakhala ndi kukwera kwake kale? Tibwerere ku mitengo yathu iwiri ija, ndipo mujambule ziganizo zinayi izi:

Mwaona mtengo. Wa mango, kunena.
Mwaona mtengo? Wa mango, kufunsa.
Mwaona mtengo. Wa pamsika, kunena.
Mwaona mtengo? Wa pamsika, kufunsa.

Ziwiri zonenazo zimasiyana poyera: wina wakwera pa -te-, wina ayi. Pofunsa za mtengo wa mango, -te- ali kale pamwamba, ndiye chuni cha funso chimangomukankhira pamwamba kwambiri. Pofunsa za mtengo wa pamsika, -te- amayambira pansi n'kumakwera, nsonga yake n'kukafika cha ku -ngo. Kusiyana kulipo, kuli pa malo pomwe nsonga yagwera. Koma kunena zoona ndi kochepa, chifukwa kamvekedwe ka liwu ndi chuni cha funso akulimbirana maphatikizo awiri omwewo. Pa foni yokhala ndi netiweki yovuta kapena pa chimkuzamawu chosokosera, anthu sangakumve.

Zikatere musavutitse khosi lanu. Chotsani liwulo kumapeto. Nenani kuti "Mtengo wake mwauona?" Tsopano "mtengo" wakhala pomwe kamvekedwe kake sikakusokonezedwa, ndipo chuni cha funso chagwera pa mneni. Ngati kalatayo si yanu ndipo simungasinthe mawu, werengani pang'onopang'ono, mutalikitse maphatikizo awiriwo kuti zonse zikwanepo.

Chenjezo: "Kodi" amathandiza, koma sachotsa udindo wa chuni. "Kodi mwalandira" wowerengedwa motsetsereka amamveka ngati munthu wotopa kapena wonyoza. Ndipo mafunso ambiri omwe timafunsana tsiku ndi tsiku alibe "kodi" n'komwe.

## Sitepe 5: Mafunso a ndani, chiyani, kuti, liti, ndi a "kapena"

Kodi munamvapo munthu akupereka moni wa "Muli bwanji?" mawu akuthera m'mwamba? Mukamumva mumadziwiratu kuti ndi mlendo. Mafunso okhala ndi liwu lofunsira safuna chuni chapadera kumapeto. Liwulo lanena kale kuti ili ndi funso. Chiganizo chimayenda m'mwamba pang'ono kuposa chonena, koma chimathera pansi: "Bwato lafika liti?" "Mukupita kuti?"

Mukakweza phatikizo lomaliza la funso lotere, mwasintha nkhani. "Mukupita kutii?" wothera m'mwamba amatanthauza kuti munthu wanena kale komwe akupita, koma inu simunamve bwino kapena simukukhulupirira. Pa sewero zimenezi ndi chida chabwino kwambiri. M'kalata ya kwa amfumu ndi mwano.

Funso losankhitsa lili ndi magulu awiri, ndipo limatsata zomwe tinaona pa sitepe yachiwiri. "Mukufuna chambo, kapena kampango?" Gulu loyamba limathera m'mwamba, lachiwiri limatsika. Kutsikako kukuuza womvera kuti zosankha zathera pomwepo. Mukakweza onse awiri, amadikira kuti mutchule nsomba yachitatu.

## Sitepe 6: Kutsindika liwu limodzi

Ambiri akauzidwa kuti "tsindika pamenepo" amangokuwa pa liwulo, n'kukweza phatikizo lililonse lomwe lawagwera pakamwa. Chichewa sichitsindika motero. Njira zake ndi zitatu, ndipo kukweza mawu ndi yomaliza.

Yoyamba ndi mpanda uja wa pa sitepe yachiwiri. Tengani chiganizo ichi: "Anagula chambo ku Chia." Mukamangofotokoza zomwe zinachitika, chonse ndi gulu limodzi, ndipo potalika ndi pamodzi, pa Chiia. Tsopano wina akuumirira kuti anagula mlamba. Inu mumutsutse. Mumva kuti mwaika mpanda pambuyo pa nsombayo: anagula chaambo, ku Chiia. Winanso akuti anachita kupatsidwa. Mpanda usunthira pa mneni: anaguula, chaambo, ku Chiia. Liwu lotsindikidwa limatseka gulu lake, phatikizo lake lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika, ndipo zotsatira zimanenedwa motsikirapo.

Zimenezi anazifotokoza mwatsatanetsatane katswiri wa zilankhulo Jonni Kanerva mu 1990, ndipo Chichewa chomwe anafufuza chinali cha ku Nkhotakota konkuno. Koma musazitenge ngati lamulo la chiganizo chilichonse. Kafukufuku wa Laura Downing ndi Bernd Pompino-Marschall wa mu 2013 anaonetsa kuti olankhula Chichewa ambiri, akamangoyankha funso wamba, sasintha chuni pa liwu lomwe likuyankha funsolo. Amatero pokhapokha akafuna kuti limvekedi. Ine ndimagwirizana nazo. Mwana akafunsidwa kuti "Amayi agula chiyani?" amangoti "Chambo," basi. Choncho mpanda wotsindika muusungire pomwe pali kutsutsa, kukonza cholakwika kapena kuchenjeza. M'ndime imodzi, kamodzi kapena kawiri n'kokwanira.

Njira yachiwiri ndi kusintha kamangidwe ka chiganizo. Ngati mukufuna kutsindika wochita ntchitoyo, kukuwa pa dzina lake sikuthandiza. Timati "Ndi amayi amene anagula chambo," kapena "Amene anagula chambo ndi amayi." Samalani ndi kaliwu ka "ndi" apa. "Ndi" woloza kuti uyu ndi uje ndi wotsika, pomwe "ndi" wa kukhala limodzi ndi wokwera. "Wabwera ndi amalume" ali ndi matanthauzo awiri: amene wabwerayo ndi amalume, kapena mwana wabwera limodzi ndi amalume. Wowerenga wotsindika mokuwa akakweza "ndi" woyambayo, wabweretsa mlendo wachiwiri pakhomo.

Yachitatu ndiye kukweza. Kwezani gulu lonse lomwe muli liwulo, okwera akwere kwambiri, otsika akhalebe m'munsi mwa anzawo. Zili ngati kunyamula makwerero onse, osati kuzula sitepe imodzi n'kuikhomera pena.

Chenjezo: Liwu lopanda phatikizo lokwera, ngati mtengo wa pamsika, litsindikeni politalikitsa ndi kupuma pang'ono pambuyo pake. Mukalikweza pa -te- mwagulitsa mtengo wa mango.

## Sitepe 7: Mtima wa wolankhula

Kudabwa, ulemu, kukayika ndi mkwiyo sizisuntha timadontho tija. Zimasintha zinthu zitatu: kukwera kwa chiganizo chonse, kutalikirana kwa pamwamba ndi pansi, ndi phatikizo lomwe mwalikoka.

Yesererani pa liwu limodzi, "chabwino." Linenedwe mwachangu, motsika bwino kumapeto: mwavomera. Linenedwe pansi, mawu osakwera osatsika kwenikweni, mano atatsala pang'ono kulumana: mwavomera pakamwa pokha, ndipo aliyense wadziwa kuti nkhaniyi sinathe. Liyambire m'mwamba, -bwi- akokedwe nthawi yaitali: mwadabwa, kapena mwangozindikira chomwe chimachitika. Chitaninso ndi "zoona," ndi "eti," ndi "basi."

Onani kusiyana kwa kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi kukoka lomaliza. Loyambalo ndi mpanda wamba. Lomaliza likakokedwa m'mwamba, limanena za mtunda kapena kuitana. Msodzi akaloza pomwe anatchera ukonde n'kunena kuti "uko," ndi pafupi. Akati "ukooo," mawu atakwera, khalani okonzeka kupalasa. Mwana woitana "Amayiii!" kuchokera kudimba akuchita chimodzimodzi.

Ulemu umakonda mawu otsika, odekha, opanda kudumphadumpha. Funso kwa apongozi kapena kwa agogo limasungabe chuni chake chokwera n'kugwa, koma nsonga yake imakhala yofupika. "Mwadya, agogo?" wokwera kwambiri amamveka ngati mukufunsa mwana.

Chenjezo: Pa nkhani ya mtima madera amasiyana. Chuni chomwe kuno kunyanja ndi nthabwala wamba, kwa munthu wa ku Ntcheu kapena ku Mulanje chikhoza kumveka chaukali. Mukamakonzekera zowerengera anthu a madera osiyanasiyana, chepetsani zokometsera, mulimbikire pa magulu ndi pa mafunso.

## Sitepe 8: Yesani pa khutu la munthu wina

Khutu lanu limakunamizani, chifukwa mukudziwa kale chomwe mumafuna kunena. Lembani ziganizo zisanu zopanda "kodi" komanso zopanda liwu lofunsira. Chilichonse mujambule kawiri, monena ndi mofunsa, kuti zikhale khumi. Zisakanizeni, mumutumizire mnzanu uja, azingoyankha kuti "kunena" kapena "kufunsa." Chomwe waphonya, bwererani nacho pa sitepe yachinayi. Nthawi zambiri mupeza kuti munayambira pansi.

Kenako yeseso lovutirapo: ng'ung'udzani ziganizo zomwezo mutatseka pakamwa. Ngati mnzanuyo akuthabe kusiyanitsa funso popanda kumva liwu n'limodzi lomwe, chuni chanu chakhwima.

Amene muli ndi Praat mukhoza kuona ndi maso. Sungani mawuwo ngati fayilo ya WAV, muitsegule, musankhe `View & Edit`, ndipo pa `Pitch` muonetsetse kuti `Show pitch` yayatsidwa. Kamzere kabuluu ndiye kukwera ndi kutsika kwa mawu anu. Ikani malire oyenera: 75 mpaka 300 Hz kwa abambo, 100 mpaka 500 Hz kwa amayi. Pa "mwalandira" wonena, kamzereko katsetsereka pang'onopang'ono. Pa wofunsa motsimikiza muona kaphiri kumapeto. Musadabwe kamzere kakamaduka pa p, t, k, s, f ndi ch, chifukwa potchula malembo amenewa kholingo silinjenjemera, ndiye palibe choyeza. N'chifukwa chake poyeserera ndi bwino kusankha mawu odzaza ndi m, n, l, w ndi y. Kamzere kakadumpha mwadzidzidzi kufika kawiri kapena theka la pomwe kanali, imeneyo ndi pulogalamu yasokonezeka, osati khosi lanu. Konzani malire aja muonenso.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kukweza mapeto a funso lililonse. Zizindikiro zake n'zosabisika: "Dzina lanu ndani?" amamveka ngati simukukhulupirira dzina la munthu. Funso lokhala ndi liwu lofunsira lithere pansi.

Kupuma m'malo motalikitsa. Wowerenga amaima pa mpatuliro aliyense koma osakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Zimamveka ngati mawu odulidwa ndi mpeni. Mpanda weniweni ndi kutalikako, kupuma kumangoperekeza.

Kutalikitsa liwu lililonse. Ili ndi vuto la ana ophunzira kuwerenga ndi akulu omwe pepala lawadzidzimutsa: anaguula, chaambo, chaambiri, dzuulo. Liwu lililonse lasanduka gulu, ndiye womvera amamva ngati zonse zikutsindikidwa, n'kulephera kudziwa chofunika. Werengani kaye chamumtima mpaka pa kamzere koimirira, kenako munene gulu lonse mpweya umodzi.

Kusintha nthawi ya mneni potsindika. Pa sewero lina lomwe tinkakonzekera ndi achinyamata, mtsikana ankayenera kudziteteza kuti "Ndimathandiza amayi!" kutanthauza masiku onse. Pofuna kuonetsa mkwiyo anaponya mphamvu yonse pa -tha-, ndipo zinamveka kuti anali kuthandiza nthawi ija yokha. Mnzake wosewera mchimwene sanachedwe, anatuluka m'mawu a sewero n'kufunsa, "Ndiye pano unasiya, chemwali?" Tinakonza pomubwezera ku timadontho take: kukwera pa ndi- woyamba, ndipo mkwiyo wonse upite pa kukweza chiganizo chonse.

Kuiwala kutsika pambuyo pa funso. Munthu akakwera pa funso, amapitiriza chiganizo chotsatira ali m'mwamba momwemo, chinanso chimodzimodzi, mpaka mawu asasa ndime isanathe. Pambuyo pa mfunsiro aliyense lembani kamuvi koloza pansi, mupume, ndipo chiganizo chotsatira muchiyambe pomwe mumayambira masiku onse.